"Lembani Nambala, Muone Zomwe Anafufuta": Msampha wa Maapu Onama

Foni imalira munthu ali kubafa kapena atapanikizika m'minibasi. Pomwe akuti aitsegule, amapeza kamzere kotuwa kakuti This message was deleted. Wotumiza uja wabweza kale mawu ake. Wamalonda amayamba kuganiza kuti mwina kasitomala anali atatchula mtengo wabwinoko. Kholo limadabwa kuti mwana wabisa chiyani. Kwa amene ali pachibwenzi kapena pabanja, kamzere kameneka nkokwanira kumugoneka ndi mutu waukulu usiku wonse.

Akathyali a pa intaneti amaudziwa bwino mtima umenewu, ndipo anautsegulira msika. Pa Facebook, TikTok ndi YouTube pali zotsatsa zambirimbiri zolonjeza kuti munthu akangolemba nambala ya foni ya mnzake, mauthenga onse omwe mnzakeyo anafufuta atuluka pamphindi ziwiri, mwini wake osadziwa kanthu.

Bodzali ndi lakale. M'chaka cha 2013 apolisi a ku Spain anamanga mnyamata wa zaka 23 wa ku Murcia yemwe ankatsatsa pulogalamu yotchedwa WhatsApp Spy. Ankati pulogalamuyo imaonetsa macheza a anthu ena. Wofuna kuigwiritsa ntchito ankapemphedwa kulemba nambala yake ya foni kuti alandire khodi yoitsegulira. Akatero, nambalayo inkalembetsedwa ku mauthenga olipiritsa, ndipo meseji iliyonse yobwera inkadya ndalama za mwini foni. M'miyezi iwiri yokha mnyamatayo anali atapeza pafupifupi mayuro 40,000. Pulogalamu yoonera macheza a ena ija kunalibe nkomwe.

Zaka zadutsa, mafoni asintha, koma kabedwe kake sikanasinthe kwenikweni. Kuti munthu azindikire bodzali msanga, afunika kudziwa chinthu chimodzi choyamba: kumene uthenga umakhala ukatumizidwa.

Uthenga umakhala kuti?

Kuyambira mu Epulo 2016, uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umatsekedwa usanachoke m'foni ya wotumiza, ndipo umatsegulidwa pokhapokha ukafika m'foni ya wolandira. Makiyi otsekera ndi otsegulira amapangidwa m'mafoni awiriwo ndipo amakhala mommo. Makompyuta a kampani ya WhatsApp amangonyamula uthengawo uli chitsekere, osatha kuuwerenga. Kampani ya foni yomwe munthu amagulako bandulo nayonso imangoona kuti deta yadutsa, koma mawu ake siingawaone.

Komanso makompyuta a WhatsApp sasunga macheza. Uthenga ukafika kwa mwini wake, amauchotsa. Ngati foni ya wolandira yazima, uthengawo umadikirira uli wotsekedwa kwa masiku osapitirira 30, kenako umatayidwa.

Choncho uthenga womwe wafika umapezeka m'malo ochepa kwambiri. Uli m'foni ya wotumiza ndi m'foni ya wolandira. Ungakhalenso pa kompyuta kapena foni ina yomwe mwini akaunti anailumikiza yekha, komanso mu bakapu, yomwe ndi kope la macheza losungidwa ku Google Drive kapena ku iCloud pa akaunti ya mwini wakeyo. Kulibe nkhokwe ina kunja kwa malo amenewa komwe mauthenga a anthu onse amaunjikidwa kudikirira wowafuna.

Nambala ya foni ndi keyala chabe. Imauza makina kumene uthenga upite, koma siitsegula foni, siitsegula bakapu, ndipo ilibe kiyi m'kati mwake. Webusaiti yomwe yangopatsidwa nambala sinakhudze malo ngakhale amodzi mwa malo aja. Ichi ndicho chizindikiro chachikulu kuposa zonse: apu kapena webusaiti iliyonse yonena kuti ionetsa mauthenga a "nambala iliyonse" popanda kugwira foni ya mwini nambalayo ikunama, kaya ikuoneka yokongola bwanji.

Kufufuta kwa mbali zonse ziwiri, komwe pa sikirini kumalembedwa Delete for everyone, kunayamba kumapeto kwa 2017. Poyamba munthu ankapatsidwa mphindi zisanu ndi ziwiri zokha kuti abweze mawu ake, koma kuyambira 2022 ali ndi masiku pafupifupi awiri. Akadina, foni yake imatumiza lamulo ku foni inayo kuti ichotse uthengawo, ndipo foni inayo imamvera. Palibe kope lachitatu lomwe limatsalira panjira.

Sewero la pa webusaiti

Mawebusaiti onyengawa amatsatira ndondomeko yofanana kwambiri, moti amene waonapo imodzi waona pafupifupi onse. Tiyerekeze bambo wina wokayikira mkazi wake wadina linki yomwe waipeza pansi pa kanema wa pa TikTok.

Tsamba loyamba ndi lobiriwira ngati WhatsApp yeniyeni, ndipo lili ndi chizindikiro chake. Pakati pali kabokosi kolembamo nambala, ndi kambendera kosankhira dziko. M'munsi muli ndemanga za anthu oyamikira, aliyense ndi chithunzi chake, onse akuti zawathandiza "mphindi zisanu zapitazo". Bamboyo akabweranso mawa, adzapeza anthu omwewo, mawu omwewo, ndi mphindi zisanu zomwezo. Akayesa kudina dzina la mmodzi wa iwo, silitseguka, chifukwa ndemangazo zinalembedwa ndi mwini tsambalo.

Akalemba nambala, sewero limayamba. Mizere ya mawu obiriwira imathamanga pa sikirini yakuda: Connecting to server, kenako Decrypting database, ndipo kamzera kosonyeza kuti ntchito ikuyenda kamakwera pang'onopang'ono mpaka 100%. Pamasamba ambiri otere, kanthu kameneka ndi kakanema chabe koyenda m'foni ya bamboyo. Ngakhale atazimitsa deta pakatikati, kamzerako kamapitirira kukwera, chonsecho akuti akulumikizana ndi makina akutali.

Kenako pamabwera nyambo yeniyeni. Tsambalo limanena kuti lapeza mauthenga ofufutidwa angapo, zithunzi ndi mavidiyo, ndipo limaonetsa macheza osaoneka bwino ngati ophimbidwa ndi nkhungu. Mwina mawu awiri kapena atatu amasiyidwa owerengeka, ndipo amakhala osankhidwa dala kuti alase mtima, monga a chikondi kapena opangana malo okumanirana. Bambo uja ataima kaye nkuganiza, angadzifunse kuti mkazi wake, yemwe amalemba Chichewa kapena Chitumbuka chosakaniza tsiku lililonse, wayamba liti kucheza m'Chingerezi chokhachokha. Koma nsanje ikakwera, mafunso otere amachedwa kubwera.

Pali njira yosavuta yogwirira bodzali. Munthu akalemba nambala yongopeka, yoperewera manambala kapena ya maziro okhaokha, tsambalo "limapezabe" mauthenga, ndipo nthawi zambiri amakhala omwewo amene linapeza pa nambala yoyamba ija. Makina enieni akanakana nambala yomwe kulibe. Sewero silikana nambala iliyonse chifukwa silinaifufuze nkomwe.

Gawo lomaliza ndi chipata. Kuti nkhungu ija ichoke, tsambalo limati munthu achite kaye kanthu kena kotsimikizira kuti ndi munthu weniweni, ndipo pa batani pamalembedwa Human verification kapena Unlock now. Pambali pamakhala wotchi yowerengera chobwerera, yoopseza kuti mauthengawo atayika pakatha mphindi khumi. Apa ndi pamene mwini tsambalo amakolola, ndipo chomwe akupempha ndicho chimasonyeza chomwe akufuna kuba.

Chomwe akupempha ndicho akuba

Pempho lopepuka kwambiri ndi la kuyankha mafunso, kuonera zotsatsa kapena kuika magemu awiri m'foni. Mwini tsamba amalipidwa ndi otsatsa malonda pa munthu aliyense amene wachita zimenezi. Munthu akamaliza ntchito imodzi amapatsidwa ina, kenako inanso, mpaka bandulo kutha. Mauthenga aja satuluka chifukwa kulibe.

Pempho lachiwiri ndi lija la ku Murcia: nambala ya wofufuzayo mwini. Mu Okutobala 2021 kampani yoteteza makompyuta ya Avast inaulula gulu la maapu 151, lomwe inalitcha UltimaSMS, omwe anali atakopedwa kopitirira 10 miliyoni. Maapuwo ankadzionetsa ngati a zithunzi, makamera, magemu ndi zina zotero, koma onse ankapempha nambala ya foni asanatseguke, nkuilembetsa ku mauthenga olipiritsa omwe ankatha kufika madola 40 pamwezi. Chizindikiro chake m'foni ndi mayunitsi ongosungunuka popanda kuimba, pamodzi ndi mameseji achilendo ochokera ku manambala aafupi.

Pempho lachitatu ndi ndalama zenizeni. Mtengo woyamba umakhala wochepa dala, woti munthu sangauganizire kawiri. Amene amatsatsa m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook kuno kumudzi, odzitcha akatswiri othyola mafoni, amapereka nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wamba, yomwe dzina lake silifanana ndi la amene akulankhula. Ndalama ikapita, pamabuka vuto lina: akuti fayilo ndi yaikulu, pakufunika zowonjezera, akuti pali msonkho wa seva, akuti kwatsala kakhodi kamodzi kokha. Ena akaona kuti munthu watopa kulipira amatembenuka nkuyamba kuopseza kuti akapanda kutumiza ndalama zina, auza mwini nambala uja kuti mwamuna wake kapena wantchito wake amafuna kumuzonda. Wofufuza chinsinsi cha mnzake amapezeka kuti chake ndicho chagwidwa.

Pempho lachinayi ndi loopsa kuposa onsewa chifukwa silioneka ngati kuba. Tsambalo limaonetsa kachithunzi ka timabokosi takuda ndi toyera, ka QR, nkunena kuti munthu atsegule WhatsApp yake, apite pa Linked devices, adine Link a device, ajambule kachithunziko "kuti makina alumikizane". Masamba ena amapereka khodi ya zilembo ndi manambala asanu ndi atatu yoti ailembe pamalo omwewo. Njira imeneyi ndi yeniyeni, ndipo WhatsApp inaipanga kuti munthu azitha kugwiritsa ntchito akaunti yake pa kompyuta kapena pa zipangizo zina mpaka zinayi. Koma chipangizo chomwe chikulumikizidwa apa ndi cha wakubayo, ndipo akaunti yomwe ikutsegulidwa ndi ya wojambulayo. Kuyambira pamenepo wakubayo amaona macheza a bambo uja, mayina a abale ake ndi magulu ake a kumpingo ndi kuntchito, ndipo amatha kulemba mauthenga m'dzina lake. Foni ya bamboyo imapitiriza kugwira ntchito bwinobwino, choncho sazindikira msanga. Amadzadzidzimuka mlongo wake ataimba kufunsa ngati ndalama zothandizira kuchipatala zija zafika.

Chimodzimodzinso khodi ya manambala asanu ndi limodzi yomwe imabwera pa meseji. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kulembetsa nambalayo pa WhatsApp m'foni yatsopano. Woipempha akufuna kusamutsira akauntiyo m'foni mwake, ndipo mwini wake amangoona atatulutsidwa.

Maapu opempha makiyi a foni yonse

Masamba ena amati ntchito yonse ili mu apu yomwe munthu ayenera kuikopa pompo, fayilo yothera ndi .apk, osati kudzera pa Play Store. Foni ikachenjeza kuti fayiloyo ndi yosadziwika, tsambalo limakhala litakonzeratu yankho, nkumulangiza munthu kuti azimitse Play Protect ndi kunyalanyaza chenjezolo. Malangizo oti munthu azimitse chitetezo cha foni yake ndi chizindikiro chokwanira pachokha.

Apu ikalowa imayamba kupempha zilolezo, ndipo apa munthu afunika kuwerenga modekha. Chilolezo cha SMS chimailola kuwerenga makhodi omwe banki ndi kampani ya foni zimatumiza. Cha Notification access chimailola kuona uthenga uliwonse wofika pamwamba pa sikirini ngakhale kuuyankha. Cha Accessibility, chomwe chinapangidwira anthu a vuto la maso kapena manja, chimailola kuona zonse za pa sikirini ndi kudina mabatani m'malo mwa mwini foni. Cha Device admin chimachititsa kuti apuyo ivute kuchotsa. Zilolezo zonsezi zimagwira ntchito pa foni yomwe apuyo yakhalamo. Palibe ndi chimodzi chomwe chimafika pa foni ya munthu wina ali ku Mzuzu kapena ku Joni. Wozondedwa ndi amene waika apuyo.

Zimenezi zinaoneka poyera mu Epulo 2021 pa apu yotchedwa WhatsApp Pink, yomwe inkalonjeza kusintha mtundu wa WhatsApp kukhala wapinki. Ikapatsidwa chilolezo choona mauthenga ofika, inkayankha yokha anthu olembera mwini foni, nkuwatumizira linki yoti nawonso aikope.

M'gulu lomweli muli ma WhatsApp osinthidwa monga GB WhatsApp, FMWhatsApp ndi YoWhatsApp, omwe achinyamata ambiri amapatsirana foni ndi foni kapena kukaikitsa kwa okonza mafoni kumsika. Chimodzi mwa zomwe zimawakopa ndi chakuti maapuwa samvera lamulo lofufuta lija, choncho uthenga umatsalabe m'foni ya wolandira. Pamenepa sanama, koma amasunga mauthenga otumizidwa kwa mwini foniyo basi, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Mu Ogasiti 2021 akatswiri a Kaspersky anapeza pulogalamu yoipa yotchedwa Triada m'kati mwa FMWhatsApp, yomwe inkatha kulembetsa foni ku zinthu zolipiritsa ndi kuwerenga mameseji a makhodi. Mu Okutobala 2022 anapezanso yomweyo mu YoWhatsApp, ikuba makiyi a akaunti. Mwezi womwewo kampani ya Meta, mwini wa WhatsApp, inasumira makampani atatu a ku Hong Kong, Beijing ndi Taiwan powaganizira kuti anaba maakaunti opitirira miliyoni imodzi kudzera m'maapu osinthidwa otere. WhatsApp imathanso kutseka nambala yomwe yapezeka ikugwiritsa ntchito maapu amenewa.

Kupezeka pa Play Store nako si umboni wokwanira. Mu Novembala 2017 apu yabodza yotchedwa Update WhatsApp Messenger inakopedwa kopitirira miliyoni imodzi pa Play Store penipenipo. Oipangawo anangowonjezera kachilembo kosaoneka ndi maso kumapeto kwa dzina la kampani, moti linkawerengeka ngati lenileni. M'chaka cha 2026 kampani ya ESET inaulula maapu 28, omwe inawatcha CallPhantom, amene ankalonjeza kuonetsa mndandanda wa mafoni oimbidwa ndi mameseji a nambala iliyonse. Anali atakopedwa kopitirira 7 miliyoni, makamaka ku India, Google isanawachotse. Olipira ankalandira manambala ndi mayina ongopeka opangidwa ndi apuyo.

Wofuna kuyeza apu pa Play Store asayambire pa nyenyezi zisanu. Ndemanga za nyenyezi imodzi ndizo zimalembedwa ndi anthu amene analipiradi, ndipo mawu oti "zabodza" kapena "andidula ndalama" akabwerezedwa kambirimbiri, nkhani yatha. Ndemanga zoyamikira zomwe nzazifupi, zofanana mawu ndi zolembedwa tsiku limodzi zimakhala zogula.

Kubwezeretsa kwenikweni ndi malire ake

Kubwezeretsa mauthenga kulipo ndithu, koma kumachitika pa foni ya mwini wake, pa akaunti yake, ndipo kumadalira nthawi.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje walandira uthenga Lachiwiri 9 koloko usiku, kasitomala akuvomereza mtengo. Foni yake ya Android inakonzedwa kuti izisunga bakapu tsiku lililonse, zomwe zimachitika cha m'ma 2 koloko usiku. Lachitatu m'mawa kasitomala uja wafufuta uthengawo. Popeza bakapu inachitika uthengawo ukadalipo, mayiyo atha kuchotsa WhatsApp, kuiikanso, kulembetsa nambala yomweyo pa akaunti yomweyo ya Google, nkudina Restore ikamufunsa. Macheza ake abwerera mmene analili 2 koloko usiku uja. Koma ataya mauthenga omwe anafika bakapuyo itachitika kale, ndipo ayenera kuchita zimenezi usiku wotsatira usanafike, chifukwa ku Google Drive bakapu yatsopano imalowa m'malo mwa yakale. Kasitomala uja akanafufuta uthengawo patangotha mphindi zisanu chitumizireni, bakapu sikanaupeza, ndipo njirayi sikanathandiza.

Njira yachiwiri ili kale m'mafoni ambiri a Android kuyambira pa Android 11 ya 2020. Pa Settings, pansi pa Notifications, pali Notification history. Ikayatsidwa, foni imasunga kwa maola 24 mawu omwe anaonekera pamwamba pa sikirini, ngakhale wotumiza atawafufuta pambuyo pake. Imayamba kusunga pamene yayatsidwa, siibwerera m'mbuyo. Maapu oona mtima a mtundu umenewu amachita zomwezi basi, ndipo amanena poyera kuti sangabweze uthenga womwe unafika iwo asanaikidwe. Kuvomereza malire kotere ndiko kumasiyanitsa chida chenicheni ndi chabodza, chomwe chimalonjeza mauthenga a zaka zitatu zapitazo, a munthu aliyense, motsimikiza 100%.

Pa mameseji wamba, iPhone kuyambira pa iOS 16 ya 2022 ili ndi Recently Deleted, momwe ofufutidwa amakhala masiku pafupifupi 30, ndipo apu ya mameseji ya Samsung ili ndi nkhuti yofanana nayo. Masikuwo akatha, zinthu zimavuta kwambiri. Mafoni amakono amasunga zonse zili zotsekedwa ndi makiyi, ndipo amayeretsa okha malo a zinthu zofufutidwa kuti alembepo zina. Ngakhale akatswiri ofufuza milandu, omwe amakhala ndi foniyo m'manja, zida zodula ndi chilolezo cha khoti, nthawi zina amatuluka chimanjamanja.

Mtengo nawonso umaulula

Kulowa m'foni ya munthu ali kutali kunachitikapo, koma ndi ntchito ya ndalama zochuluka zedi. M'chaka cha 2019 pulogalamu ya Pegasus, yopangidwa ndi kampani ya NSO Group ya ku Israel ndi kugulitsidwa ku maboma, inagwiritsidwa ntchito polimbana ndi anthu pafupifupi 1,400 kudzera pa kuimba foni ya WhatsApp. Ena mwa iwo anali atolankhani ndi omenyera ufulu wa anthu. Ngakhale pamenepo Pegasus sinathyole makiyi a mauthenga panjira. Inkalowa m'foni mwenimwenimo. WhatsApp inatseka mpatawo nkusumira kampaniyo mu Okutobala chaka chomwecho. M'chaka chomwechonso kampani ya Zerodium, yomwe inkagula njira zothyolera mafoni, inkalonjeza mpaka madola 1.5 miliyoni kwa aliyense wopeza njira yolowera m'foni kudzera pa WhatsApp mwini wake asanadine kalikonse. Munthu wokhala ndi luso la mtengo wotere sangaligulitse K5,000 m'gulu la Facebook.

Palinso maapu ozondera omwe amagwiradi ntchito, oikidwa mobisa m'foni ya munthu wina ndi amene waigwira m'manja. Amenewa sabweza zakale, amangojambula zomwe zikuchitika kuyambira tsiku lomwe aikidwa, nkuzitumiza ku makompyuta a kampani yachilendo. Makampani oterewa akhala akuberedwa kawirikawiri. LetMeSpy ya ku Poland inathyoledwa mu Juni 2023, mauthenga ndi mindandanda ya mafoni a anthu ozondedwa nkutengedwa, ndipo inatseka mu Ogasiti chaka chomwecho. Ku America, mu 2021, bungwe la boma loteteza ogula linaletsa kampani ya SpyFone ndi mkulu wake kuchitanso malonda a zida zozondera. Ku Malawi, lamulo la chaka cha 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta limaletsa kulowa kapena kutchera mauthenga a munthu wina popanda chilolezo, ndipo chilango chake ndi chindapusa ndi ndende. Akuba aja amadalira zimenezi: amadziwa kuti amene waberedwa akufuna kuzonda mnzake amachita manyazi ndi mantha kukadandaula.

Amene wakodwa kale

Zoyamba kuchita zimadalira chomwe munthu anapereka. Amene anajambula QR kapena kulemba khodi yolumikizira atsegule Linked devices, adine chipangizo chilichonse chomwe sakuchidziwa, nkusankha Log out. Amene anatulutsidwa mu akaunti yake alembetsenso nambala yake ndi khodi yatsopano ya pa meseji, ndipo wakubayo amatulutsidwa nthawi yomweyo. Ngati wakubayo anali ataikapo pini yake, mwini nambala amadikira masiku asanu ndi awiri kuti alowe popanda piniyo. Akalowa, ayatse Two-step verification, yomwe ili pa Settings pansi pa Account, ndipo achenjeze abale ndi magulu ake kuti asatumize ndalama pa uthenga uliwonse womwe unabwera m'dzina lake.

Amene anaika apu azimitse kaye deta, achotse zilolezo za Device admin, Accessibility ndi Notification access zomwe anaipatsa, kenako aichotse ndi kuyatsanso Play Protect. Mapasiwedi a Google ndi Facebook komanso mapini a banki ndi a ndalama za pafoni asinthidwe, makamaka pogwiritsa ntchito foni ina yodalirika. Ngati foni ikupitiriza kuchita zachilendo, njira yotsala ndi kusunga zithunzi ndi manambala kwina nkuifufuta yonse kuti iyambirenso ngati yatsopano.

Kuchotsa apu sikuimitsa malipiro a mwezi ndi mwezi. Amene analipira kudzera pa Play Store ayenera kupita pa Payments & subscriptions nkuletsa yekha, ndipo akafulumira m'maola 48 oyamba atha kupempha kuti abwezeredwe ndalama. Amene mayunitsi ake akudyeka aimbire kampani yake ya foni kuti imuchotse ku mauthenga olipiritsa. Amene anatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba asunge meseji yotsimikizira malipiro, nambala yomwe inalandira ndi zithunzi za macheza onse, nkukanena ku kampaniyo ndi kupolisi tsiku lomwelo, ndalamazo zisanatapidwe. Madandaulo okhudza mafoni ndi intaneti amalandiridwanso ku bungwe la MACRA.

Pakapita masiku angapo, si zachilendo kuti pabwere uthenga wina wochokera kwa munthu wodzitcha wofufuza milandu kapena wogwira ntchito ku kampani ya foni, wolonjeza kubweza ndalama zonse zija ngati woberedwayo atalipira kaye kangachepe. Kawirikawiri amakhala akuba omwewo kapena anzawo omwe anagula mndandanda wa manambala a anthu amene analipirapo kale. Kampani ya foni, banki ngakhale WhatsApp sizipempha pini, khodi ya pa meseji kapena ndalama kuti zifufuze dandaulo la munthu.